Kapo pakati pa bimu ya ovahang'i, BMD yanga ikukana kutseka pa ziro

Tiyamike: Anthu inu ndithandizeni, funso ili landigoneka mochedwa dzulo ndipo mpaka pano silikutheka. Bimu ndi ya 8 m. Kumanzere kwenikweni pa A pali pini, pa B pali rola pa 6 m, kenako bimuyo ikupitirira 2 m yolendewera mpaka pa C ndipo pa C penipeni pali lodi ya 12 kN yoloza pansi. Ndiye pakati pa spani, pa D, aikapo kapo ya 30 kNm yozungulira mmene imayendera mivi ya wotchi. Akufuna mariyakishoni, SFD ndi BMD. Ine ndapeza RB = 31 kN ndi RA = -19 kN koma ndikajambula BMD ikukathera pa -60 pa C, chonsecho kunsonga kolendewera momenti imayenera kukhala ziro. Ndabwereza katatu yankho lomwelomwe.

Yankho: Tumiza ikweshoni yomwe wapezera RB yo tione

Tiyamike: Ndatenga mamomenti pa A

```
30×3 + 12×8 = RB×6
RB = 186/6 = 31
```

Yankho: Apo basi, vuto lili pa 30×3. Kapo ija ndi momenti kalekale, ona mayunitsi ake ndi kNm, ndiye ukaichulukitsanso ndi 3 m ukupeza kNm², yomwe si momenti. Umangoiika mmene ilili.

```
30 + 12×8 = RB×6
RB = 126/6 = 21 kN
RA = 12 - 21 = -9 kN
```

Ndipo pa SFD kapo uyiiwale, ilibe nayo ntchito. Momenti yayikulu ukaipeza pa B poti ndi pomwe shiya ikudutsa pa ziro, ndi -24. Yatha.

Tiyamike: Eee zoona, ndimaiona ngati lodi wamba. Koma RA ya negetivuyo bwanji, sapoti ingakoke bimu pansi?

Chisomo: Mariyakishoni ine ndapeza omwewo, 21 ndi -9, koma momenti yayikulu ndapeza -36 osati -24. Wina walakwa apa

Yankho: -36 waitenga kuti iwe

Chisomo: Pa D. 9 kuchulukitsa ndi 4

Tiyamike: 4 yachokera kuti Chisomo, D ili pa 3 m

Chisomo: Bimu si ya 8 m? pakati pake ndi pa 4 m

A Nkhoma: Ndalowa mochedwa, ndinali pa saiti. Tiyambe ndi Chisomo poti yake ndi yachidule. Tikati spani timanena mtunda wa pakati pa masapoti awiri, kuchoka pa A kufika pa B, womwe ndi 6 m, ndiye pakati pake ndi pa 3 m. Mbali yolendewerayo siilowa mu spani. Koma mphwanga usafute zomwe wachitazo, zisunge, chifukwa waonetsa chinthu chabwino osadziwa: waika kapo pa 4 m, anzako aika pa 3 m, koma mariyakishoni mwapeza ofanana. Sizinangochitika mwamwayi. Kapo ungaisunthe kulikonse pa bimupo mariyakishoni sasintha. Chomwe chimasintha ndi BMD.

Yankho mariyakishoni ako ali bwino. Koma zinthu ziwiri wanenazo, imodzi ndi yoona theka, inayo yakulakwitsa yankho.

Yankho: Iti madala, nanga si kapo ilibe fosi yopita m'mwamba kapena pansi

A Nkhoma: Pamenepo ukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake mzere wa shiya sudumpha pa D, umangodutsa ngati palibe kanthu. Koma kunena kuti kapo ilibe ntchito pa SFD ayi. Taichotsa kaye uone. Popanda kapo RB ndi 96/6 = 16 kN ndipo RA ndi -4 kN, ndiye shiya ya pakati pa A ndi B ikanakhala -4. Ndi kapo ili -9. Kusiyana kwa 5 ko ndi 30/6. Kapo ikufuna kuzunguza bimu yonse ngati wotchi, mbali ya B ipite pansi mbali ya A ikwere, ndiye masapoti akuikaniza ndi mafosi awiri ofanana oloza kosiyana, 5 kN m'mwamba pa B ndi 5 kN pansi pa A, otalikirana 6 m. 5 kuchulukitsa 6 ndi 30 ija. Choncho kapo imalowa mu SFD koma imadzera ku mariyakishoni.

SFD yonse ili chonchi, tikamayenda kuchokera kumanzere n'kumatenga fosi yoloza m'mwamba ngati pozitivu. Pa A ukutsika mpaka -9. Ukuyenda mzere wogona, kudutsa pa D osaima, mpaka pa B. Pa B ukukwera ndi 21, ndiye -9 + 21 = +12. Ukuyendanso mogona mpaka pa C, pomwe lodi ya 12 ikukutsitsa pa ziro. Mabokosi awiri basi.

Tiyamike: SFD ndiye yatheka, yatseka bwinobwino. Koma nanga yanga yolakwika ija inatsekanso, -19 + 31 = 12 kenako ziro. N'chifukwa chake ndimaona ngati mariyakishoni ali bwino

A Nkhoma: Waona bwino Tiyamike. SFD imatseka nthawi zonse ngati RA waipeza pochotsera RB ku malodi, ngakhale RB yo ikhale yabodza. Singakugwirire cholakwika cha mtundu umenewu. Imene inakuuza zoona ndi BMD ija inakana kutseka. Ine chizolowezi changa, RA ndimaipezanso payokha potenga mamomenti pa B, ndikaona kuti zagwirizana ndi pomwe ndimayamba kujambula.

Tsopano BMD. Titenge saging'i ngati pozitivu, kutanthauza pamene bimu yapindika ngati mbale ndipo pansi pake ndi pomwe pakukokeka. Kuchoka pa A momenti ndi -9x. Ukamafika pa D, usanaidutse kapo, uli pa -27. Pa D penipeni mzere ukudumpha choongoka m'mwamba ndi 30, kuchoka pa -27 kufika pa +3. Ukadutsa apo ukupitiriza kutsika ndi kutsetsereka komwekuja, 9 pa mita iliyonse, poti shiya sinasinthe, ndiye pa B uli pa 3 - 27 = -24. Kuchoka pa B ukukwera 12 pa mita, mamita awiri, ndipo pa C wafika pa ziro.

Ndiye Yankho yang'ana, -24 ndi -27 yayikulu ndi iti?

Yankho: Mmm -27. Koma madala ife anatiphunzitsa kuti momenti yayikulu imakhala pomwe shiya ili ziro kapena pomwe yasintha sayini, ndipo pa D shiya ili -9 mbali zonse. Lamulo lija ndi labodza?

Mphatso: Si labodza Yankho, kungoti limagwira pomwe mzere wa momenti ndi wosaduka. Shiya ndi silopu ya momenti, ndiye ikasintha sayini ndiye kuti mzere umatsika wayamba kukwera, apo upezapo nsonga. Pa B nsonga ilipodi, -24. Koma pa D mzere waduka, wadumpha, ndiye silopu singakuuze kanthu za pamenepo. Umayenera kuwerenga wekha mbali ziwiri zonse, kumanzere kwa kapo ndi kumanja kwake

A Nkhoma: Ndi zimenezo. Malo oti uwayang'ane ndi pomwe shiya yasintha sayini, komanso mbali zonse ziwiri za kapo iliyonse. Ukaiwala achiwiriwo, pa funso ili wataya 3 kNm zokha, koma funso lina utaya zambiri. Taonani Chisomo uja, kapo itakhala pa 4 m tili ndi -36 kenako -6, pa B -24 yomweyo. Muisunthire pa 5 m mupeza -45 kenako -15. Munthu wongoyang'ana pomwe shiya yadutsa ziro anena -24 chonsecho bimu ikusenza 45, pafupifupi kawiri.

Tiyamike: Chomwe chikundisokonezabe n'chakuti ndidziwa bwanji kuti idumphe m'mwamba osati pansi. Dzulo ndinayesa zonse ziwiri mongolota

Yankho: Loweza basi, ya ngati wotchi m'mwamba, yotsutsana ndi wotchi pansi

Mphatso: Ine kuloweza kumeneko kunandigwetsa pa mayeso chaka chatha, ndinayamba kuwerengera kumanja n'kuiwala kuti zatembenuka

A Nkhoma: Zomwe wanena Yankho n'zoona ukamayenda kuchokera kumanzere ndipo saging'i ndi pozitivu. Koma pali njira yoti usalowezenso. Dula bimu kumanja kwa D pang'ono, ugwire chidutswa cha kumanzere, uime pomwe wadulapo. Dzifunse kuti fosi yoloza m'mwamba itakhala pa A ikanazunguza chidutswachi motani pozungulira pomwe waimapo. Ikanakweza mbali ya kumanzere, komwe ndi kuzungulira ngati wotchi. Ndipo tonse timadziwa kuti riyakishoni yoloza m'mwamba imabweretsa saging'i, timailemba +RA·x. Ndiye chilichonse chozunguza chidutswa cha kumanzere ngati wotchi chili gulu limodzi ndi riyakishoniyo, ndi pozitivu. Kapo yathu ndi ya ngati wotchi, ndiye ndi +30.

Ndipo ukakayika, bimu ya ovahang'i ili ndi mboni yake. Momenti ya pa B ungaipeze osakhudza kapo n'komwe, pongoyang'ana kumanja: 12 kuchulukitsa 2, hoging'i, -24. Ndiye ukadumpha molakwika, -27 - 30 = -57, pa B ukafika pa -84, ndipo mboni ija ikukana pompo.

Mphatso: Ine njira yomwe imandikhazika mtima pansi ndi yogawa funso pawiri. Lodi ya pa C yokha, BMD ndi mzere wochoka pa ziro pa A kukafika -24 pa B, ndiye pakati pa spani uli pa -12. Kapo yokha, popeza ili pakati penipeni, imagawikana theka ndi theka, -15 kumanzere ndi +15 kumanja. Ukaphatikiza -12 - 15 = -27 ndi -12 + 15 = +3. Sipafunika ndi kakyuleta yomwe

Tiyamike: Iiii Mphatso iyi ndiye yandilowa. Ndiye kugawikana theka ndi thekako kumachitika nthawi zonse?

Mphatso: Ayi, pakati pa spani pokha. Itakhala pa 2 m ikanagawikana -10 ndi +20, poti 5 kuchulukitsa 2 ndi 10, 5 kuchulukitsa 4 ndi 20. Kudumpha kumakhalabe 30

Chisomo: Nanga kapoyo itatembenuka, izizungulira motsutsana ndi wotchi

Mphatso: Tembenuza masayini a 5 ndi 15 aja basi. RA = -4 + 5 = +1, RB = 16 - 5 = 11. Pa D ukufika pa +3, kudumpha pansi mpaka -27, kenako kukwera pang'onopang'ono 1 pa mita mpaka -24 pa B. Manambala omwewo angosinthana malo, koma ona kuti pamenepo sapoti A siikukokanso pansi

Bonzo Wowotcherera: Pepani akuluakulu ndilowerere, ine masamu anuwa sindinapite nawo patali koma nkhani ya sapoti yokoka pansi yomwe anafunsa achemwaliwo ndinaiona ndi maso. Tinamanga shedi pa galaja ina, bimu yachitsulo itagona pa mapilala awiri n'kupitirira panja pang'ono kuti tizikolekapo tcheni buloko yotsitsira mainjini. Pilala lakutsogolo tinamanga ndi mabawuti bwinobwino koma lakumbuyo tinangoigoneka bimuyo pa puleti, timati kulemera kwake kuigwira, mabawuti tidzaika mawa. Tsiku lokweza injini ya lole, itangochoka pansi pang'ono tinamva kuti gu kumbuyo, kuyang'ana bimu yanyamuka pa puleti mpata woti chala n'kulowa, fumbi likugwa. Mnyamata amakoka tcheni uja anasiya n'kuthawa. Tinaitsitsa injiniyo pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba. Ndiye -9 mukunenayo ndi imeneyo eti?

A Nkhoma: Ndi imeneyo a Bonzo, ndipo mwayankha funso la Tiyamike kuposa mmene ndikanayankhira ine. Pilala lakutsogolo ndi B, limakhala ngati pokhazikapo katungwe wa thabwa, mukapondereza kunsonga kumbuyo kumanyamuka. Pa manambala athuwa lodi ya kunsonga ikunyamula A ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, poti 2 m pa 6 m, ndiye 12 ikupereka 4. Kapo ikuwonjezera 5. Negetivu ija ikutanthauza kuti sapoti A iyenera kugwira bimu kuti isanyamuke. Pa pepala pini imatha kugwira mbali zonse ndiye timangolemba -9 n'kupitirira, koma pa saiti ndi mabawuti, ndipo chomwe mabawutiwo amangidwapo chiyenera kulemera mokwanira kuti nachonso chisazuke.

Bonzo Wowotcherera: Zikomo bwana. Funso lina, kapo imeneyi pa chitsulo chenicheni imaoneka bwanji? Ine ndimaona katundu wolendewera kapena wokhala pamwamba, chinthu chongozunguza bimu osaipondereza sindinachionepo

A Nkhoma: Mumachipanga ndinu nomwe ndi makina anu owotcherera. Tiyerekeze mwawotcherera kamzati koimirira pamwamba pa bimu pa D, ndipo pa msinkhu wa 1.5 m kuchokera pakatikati pa bimu mwamangapo waya wokoka chogona kupita kumanja ndi 20 kN, kulemera kwa matani awiri tingotero. Wayayo sakupondereza bimu pansi. Koma pa tsinde la kamzatiko bimu ikupotokoledwa ndi 20 kuchulukitsa 1.5, yomwe ndi 30 kNm ya ngati wotchi. Kapo yathu ndi imeneyo. Chomwe ophunzira amaiwala n'chakuti 20 kN yogonayo siisowa, imalowa mu bimu n'kumakoka gawo la A mpaka D motalika, ndipo pini ya pa A ndi yomwe imaigwira poti rola singathe. Pa SFD ndi BMD siioneka koma posankha chitsulo muyenera kuiwerengera.

Bulaketi yotulukira pambali motsata utali wa bimu n'kukolekapo katundu nayo imapereka kapo, kungoti iyo imabwera ndi lodi yoloza pansi pamalo omwewo, ndiye SFD ndi BMD zonse zimadumpha pamodzi.

Yankho: Chabwino ndavomera za -27. Koma pali china chomwe ine ndimagwiritsa ntchito potsimikiza, eriya yonse ya SFD imayenera kukhala ziro poti momenti yayamba pa ziro n'kuthera pa ziro. Apa -9×6 = -54, 12×2 = +24, zikupereka -30. Ndiye pali cholakwika penapake

Tiyamike: -30 yo si kapo ija Yankho? Ukaphatikiza +30 yodumpha ija ikubwera pa ziro

Yankho: Aaa zoona. Ndiye eriya imakhala ziro pokhapokha ngati palibe kapo

A Nkhoma: Eya, ndipo Tiyamike wayamba kuziona yekha tsopano. Yesani pa mariyakishoni ake olakwika aja, -19×6 + 24 = -90, kuphatikiza 30 ndi -60 yomwe inamusowetsa tulo ija.

Tiyamike: Gawo lomaliza la funso akuti tipeze mapointi a kontirafulekisha. Pakati pa D ndi B ndaika 3 - 9(x - 3) = 0 ndapeza x = 3.33 m. Koma pa D napo momenti yachoka ku negetivu kupita ku pozitivu, ndiye ndilembe awiri kapena imodzi?

Yankho: Imodzi. Pa kontirafulekisha momenti imayenera kukhala ziro, pa D siili ziro, ili -27 ndi +3

Mphatso: Ine ndikuti awiri. Nkhani ndi kupindika kwa bimu, kumanzere kwa D ili hoging'i kumanja ili saging'i, ndiye kupindika kwatembenuka pamenepo kaya momenti yadutsa pa ziro modumpha kaya moyenda. Bimuyo siidziwa kuti ife tajambula mzere woongoka

Yankho: Nanga ukalemba awiri aphunzitsi ali ndi imodzi pa pepala lawo

A Nkhoma: Pamenepa ngakhale ife akuntchito timasiyana kanenedwe. Ine ndili mbali ya Mphatso, chifukwa pa bimu yeniyeni kapo siilowa pa kadontho, imalowa kudzera m'lifupi mwa puleti kapena kamzati kaja, kaya ndi 200 mm, ndiye mzere woongokawo kwenikweni ndi wopendekeka kwambiri ndipo umadutsadi pa ziro mkati mwa puletimo. Koma pali kusiyana kwakukulu komwe Yankho akukumva ngakhale sanakutchule. Pa 3.33 m momenti ndi yaing'ono mbali zonse, ndi malo ofatsa. Pa D ndi pomwe pali momenti yayikulu ya bimu yonse. Munthu amene analoweza kuti pa kontirafulekisha ndi pabwino kulumikizirapo zitsulo, akatenga D ngati malo otero waika joini pamalo oipitsitsa. Tiyamike ndikanakhala iwe ndikanalemba 3.33 m, kenako chiganizo chimodzi chonena kuti momenti ikusinthanso sayini pa D chifukwa cha kudumpha.

Yankho: Ine ndikadali pa imodzi koma chiganizocho ndilemba

Chisomo: Madala nanga bimuyi itakhala ya konkire zitsulo zikuluzikulu zipita pamwamba? poti pafupifupi BMD yonse ili ku negetivu

A Nkhoma: Pa manambala a funsoli inde, kukokeka kuli pamwamba kuchoka pa A mpaka pa D, komanso kuchoka pa 3.33 m mpaka kunsonga. Saging'i ili pa kachigawo ka 0.33 m kokha. Koma samala, funsoli latenga bimu ngati yopanda kulemera, ndipo ya konkire siili choncho. Tenga ya 230 mm ndi 450 mm, konkire pa 24 kN pa kiyubiki mita, ikulemera pafupifupi 2.5 kN pa mita. Pa 8 m ndi 20 kN, pakati pake pa 4 m, ndiye B ikutengapo 20×4/6 = 13.33 ndipo A ikutenga 6.67. RA tsopano ndi -9 + 6.67 = -2.33 kN. Ikadali negetivu, ndiye mwaona a Bonzo, ngakhale bimu ya konkire kulemera kwake sikunakwanitse kuigwira.

Momenti nayo yasintha. Kumanzere kwa D ndi -7 - 11.25 = -18.25, kudumpha 30 kufika pa +11.75, ndipo pa B ndi -24 - 5 = -29. Ndiye yayikulu yasamukira pa B, ndipo saging'i yomwe inali 3 yafika pafupifupi 12, zitsulo zapansi zayamba kugwira ntchito yeniyeni. Kudumpha kokha ndi komwe sikunasinthe. Mizere nayo siikhalanso yoongoka, shiya ikupendekeka ndipo momenti ikukhota.

Yankho: Ndiye pamapeto pake ili pa B monga ndinanenera

Mphatso: Pa funso lina limenelo Yankho, la Tiyamike ikadali pa D

Bonzo Wowotcherera: Za zitsulo zapamwambazo ndinaonapo pa khonde la nyumba ina yosanja, mng'alu unabwera pamwamba penipeni pa pilala, wopingasa, madzi amvula n'kumalowamo

A Nkhoma: Kawirikawiri zimenezo si masamu olakwika, ndi tsiku lothira konkire. Zitsulo zapamwamba zimamangidwa pamalo pake m'mawa, kenako anyamata a mawilibala akuzipondaponda tsiku lonse popanda timipando tozigwira, pofika madzulo zatsikira pakati. Chitsulo chomwe chili pakati pa silabu sichigwira hoging'i mokwanira, ndiye pamwamba pamang'aluka pomwe BMD ikuonetsa nsonga ya pa B ija. Ine tsiku lothira ovahang'i ndimaima pomwepo ndi tepi mpaka amalize.

Tiyamike: Ndajambulanso. Kanthu kamodzi, mnzanga wa m'kalasi wajambula BMD yake mozondoka, -27 ili pamwamba pa mzere ndipo pa D ikudumphira pansi. Ndani walakwa?

Mphatso: Palibe, iyeyo akujambulira mbali yomwe ikukokeka. Hoging'i imakoka pamwamba ndiye amaiika pamwamba. Ine ndimaikonda imeneyo poti dayagiramu imakuloza komwe chitsulo chipite

Yankho: Koma ikatero lamulo loti silopu ya BMD ndi shiya limaoneka mozondoka, shiya negetivu mzere ukukwera. Ine pozitivu pamwamba basi

A Nkhoma: Zonse zimagwiritsidwa ntchito, pa mafuremu ambiri timajambulira mbali yokokeka. Chachikulu lemba pambali kuti saging'i waiika kuti, ndipo pa D ulembe manambala onse awiri, -27 ndi +3, osati imodzi.

Tiyamike: Ndalemba chonchi pansi pa dayagiramu kuti aone komwe manambala achokera

```
0 < x < 3 :  M = -9x
3 < x < 6 :  M = -9x + 30
6 < x < 8 :  M = -9x + 30 + 21(x - 6)
```

Pa x = 8 ikupereka -72 + 30 + 42 = 0. Yatseka!

Chisomo: Yanganso ndasunthira D pa 3 m yatseka. Koma a Nkhoma munati kapo ingapite kulikonse mariyakishoni osasintha, ngakhale ku ovahang'i?

A Nkhoma: Ngakhale kumeneko, akhalabe -9 ndi 21. Koma mboni ya -24 ija siigwiranso poti kapo yalowa kumanja kwa B. Iike pa 7 m uyese, unditumizire momenti ya pa B ndi mbali ziwiri za kapoyo.

Chisomo: Pa B -54, pa 7 m -42 kudumpha kufika -12, pa C ziro

A Nkhoma: Wakhoza. A Bonzo, mabawuti akumbuyo aja munadzaika angati, ndipo pilalalo linali la chitsulo kapena la njerwa?

Bonzo Wowotcherera: Anayi a 16 mm bwana, tsiku lomwelo. Pilala ndi lachitsulo koma pansi pake tinangothira konkire pang'ono, sindikukumbuka kuya kwake. Loweruka ndidutsako ndikakumbe pambali ndione